Foni isalonjeze zomwe pashelefu palibe

Bambo wina anafika pasitolo yathu ku Limbe cha m'ma 10 koloko m'mawa, fumbi lili m'nsapato, foni ili m'manja. Anali atadzuka m'bandakucha ku Mulanje kudzagula batire ya sola ya 100Ah imene anaiona pa katalogu yathu ya WhatsApp. Anandionetsa chithunzi cha batireyo, mtengo uli pansi pake. Batire ya mtundu umenewo inali itatha masiku anayi apitawo, ndipo zomwe tinali titaoda zinali kubwera pa mtengo wina. Bamboyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga thiransipoti yangayi andibwezera ndani?" Tinamubwezera, koma sanabwerenso.

Mtsikana amene ankasamala katalogu nthawi imeneyo anali atagwira ntchito sabata zitatu zokha. Sindinamuimbe mlandu, chifukwa tsiku lomwe anayamba ndinangomupatsa foni n'kunena kuti, "Uziposita katundu." Iye ankapositadi, ndipo zithunzi zake zinali zokongola kuposa zanga. Chomwe sindinamuuze n'chakuti kuika katundu watsopano ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kubwerera tsiku ndi tsiku ku zomwe zinaikidwa kale, kuona ngati zikunenabe zoona.

Katalogu ya WhatsApp Business, yomwe inayamba mu 2019, imalola katundu mpaka 500, aliyense ndi zithunzi zake, dzina, mtengo ndi mawu ofotokoza. Koma siwerenga katundu. Mukagulitsa batire yomaliza pakauntala, foni sidziwa kanthu, imapitiriza kuonetsa batireyo kwa aliyense. Positi ya pa Facebook nayo imakhala pomwepo miyezi ndi miyezi ndi mtengo wake wakale. Sitetasi yokha ndiyo imadzichokera pakatha maola 24. Choncho pamafunika munthu woyenda pakati pa shelefu, buku la sitoko ndi foni, kuti zitatuzi zizinena chimodzi. Munthu ameneyo ndiye mukumuphunzitsa.

Tsiku loyamba asagwire foni

Achinyamata ambiri amene timalemba ntchito amaidziwa foni kuposa ife. Chomwe sadziwa ndi katundu. Kwa munthu watsopano, panelo ya sola ya 100W ndi ya 150W ndi chinthu chimodzi, galasi lakuda la mizeremizere. Batire ya jelo ndi batire yothira madzi amangoziona ngati mabokosi olemera. Munthu wotero akaona uthenga wofunsa kuti "ya 150 ilipo?" amayang'ana pakona, n'kuona mapanelo ataimikidwa, n'kuyankha kuti ilipo.

Ndiye tsiku loyamba mumupatse buku ndi cholembera, ayende nanu shelefu ndi shelefu. Atembenuze panelo aone kachikwangwani ka kumbuyo komwe kamanena mawati. Awerenge yekha 12V ndi 100Ah pambali pa batire. Anyamule inveta ya 500W ndi ya 1000W amve kusiyana kwake m'manja. Apa ndi pomwe mumamuphunzitsanso nambala za katundu. Ife chinthu chilichonse tinachipatsa nambala yake yaifupi, monga `BAT-100J` ya batire ya jelo ya 100Ah ndi `PAN-150` ya panelo ya 150W. Nambala imeneyi imalembedwa malo atatu: pa kapepala komata pashelefu, m'buku la sitoko, ndi m'katalogu pa malo olembedwa `Item code`. Popanda nambala, anthu awiri amatha kukangana theka la ola za "batire yaikulu ija" aliyense akuganiza yake.

Tsikulo likamatha, mufunseni akutengereni zinthu zisanu pongotchula nambala. Akabwera nazo zolondola, mawa lake akhoza kuona foni.

Pepala lenilenilo

Pepala la ntchito za tsiku ndi tsiku lisapitirire tsamba limodzi. Loyamba lomwe ndinalemba linali ndi mizere 23, ndipo pofika Lachinayi palibe ankaliwerenga. Lomwe tikugwiritsa ntchito pano lili ndi mizere isanu ndi iwiri, ndipo dongosolo lake lili ndi chifukwa.

1. Werenga malisiti a dzulo, lemba nambala za katundu yense amene wagulidwa, wabwezedwa kapena wasungidwira munthu.
2. Pita pashelefu, werenga katundu ameneyo ndi manja, komanso katundu woyenda msanga. Lemba chiwerengero.
3. Chotha kapena chotsala chimodzi, chibise m'katalogu.
4. Ona buku la mitengo. Mtengo wosinthidwa ndi kusainidwa, usinthe paliponse pomwe unalembedwa.
5. Yendera katundu 20 wa lero m'katalogu: chithunzi, dzina, kukula, mtengo.
6. Yankha mauthenga a usiku, ndipo lemba funso lililonse lomwe labwera kawiri.
7. Tsegula katalogu pa foni ina, uione monga kasitomala.

Muona kuti kujambula ndi kuposita zatsopano palibe pamndandandawu. Zimenezo zimachitika masana, ntchito zisanu ndi ziwirizi zitatha. Wantchito watsopano mukamusiya, amayambira pa zomwe zimasangalatsa, ndipo kuwerenga mababu sikusangalatsa. Mauthenga nawo ndinawaika pa nambala 6 mwadala. Munthu amene wayankha makasitomala asanawerenge shelefu amayankha kuchokera m'mutu, ndipo m'mutu mumakhala sitoko ya dzana.

Mzere wachisanu umafuna kufotokoza pang'ono. Sitolo ya katundu wa mitundu 120 simungaiyendere yonse m'mawa uliwonse. Tinagawa katalogu m'magawo asanu ndi limodzi, 20 pa tsiku, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, kotero kuti palibe chinthu chomwe chimatha sabata osaonedwa. Katundu woyenda msanga, monga mababu, matcharja ndi mawaya, yemwe kwathu ndi mitundu 15, amawerengedwa tsiku lililonse. Munthu wozolowera amamaliza pepala lonse m'mphindi 40. Watsopano amatenga ola ndi theka, ndipo musamuthamangitse.

Chinthu chimodzi chomwe chinasintha zonse kwathu n'chakuti tinasiya kuchonga. Pepala lochonga limanama mosavuta: munthu amatha kuchonga mizere yonse ali chikhalire pampando. Tsopano pa mzere uliwonse pamalembedwa nambala kapena dzina. Pa mzere wachiwiri, "BAT-100J, 5". Pa wachitatu, "ndabisa PAN-150". Pa wachinayi, mtengo wakale ndi watsopano. Ngati palibe chosintha, alembe kuti "palibe" ndi nthawi yake. Chiwerengero mukhoza kupita nacho pashelefu n'kukachiyesa, pomwe chizindikiro chochonga simungachiyese ndi kanthu.

M'mawa wina ndi mabatire

Tiyeni tiutsate mzere wachiwiri ndi wachitatu pa chitsanzo chimodzi, chifukwa apa ndi pomwe watsopano amapunthwa kwambiri. Mitengo ndi ziwerengero izi n'zongoyerekeza, koma vuto lake ndi lomwe timakumana nalo sabata iliyonse.

Buku likunena kuti mabatire a `BAT-100J` analipo 6 potseka dzulo. Wophunzira wapita pashelefu, wapeza 5. Wosaphunzitsidwa bwino amachita chimodzi mwa ziwiri: amakhulupirira buku n'kulemba 6, kapena amafufuta 6 n'kulemba 5 osauza munthu. Zonsezi n'zolakwika. Ayenera kubwerera ku malisiti kukafuna batire yosowayo. Tinene kuti waipeza: inagulidwa sitolo ili pafupi kutsekedwa, lisiti inalembedwa koma m'buku simunachotsedwe. Bwino, 5 ndi yoona. Akanapanda kuipeza, imeneyo ndi nkhani yoti mwini sitolo aimve nthawi yomweyo, osati madzulo.

Koma ntchito sinathe. Pa mabatire asanuwo, awiri ali ndi kapepala komata: munthu wina analipira theka kudzera pa Mpamba, adzatenga Lachisanu. Imodzi inabwezedwa ndi kasitomala amene akuti sikusunga moto, ikudikira kuyesedwa. Ndiye maso akuona mabatire asanu, koma ogulitsa ndi awiri okha. Kusiyana kwa "zomwe zilipo" ndi "zomwe tingagulitse" ndi phunziro lomwe palibe amalidziwa yekha. Muyenera kumuimika patsogolo pa shelefu n'kumufunsa kuti, "Munthu atabwera pano ndi ndalama za mabatire anayi, umupatsa angati?" Mtsikana wathu anayankha kuti, "Anayi, bwana." Ndinamuuza awerenge timapepala tomata tija. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Awiri." Kuyambira tsiku limenelo amalemba manambala awiri m'buku, la zonse ndi la zogulitsa.

Za kusungira munthu katundu, lamulo lathu ndi limodzi: kapepala kamamatidwa pokhapokha ndalama zitaoneka mu akaunti ya Airtel Money kapena Mpamba ya sitolo. Chithunzi cha uthenga wolipira chomwe kasitomala watumiza si umboni, chifukwa uthenga wotero ukhoza kupekedwa.

Tsopano tinene kuti masana batire imodzi mwa ziwiri zija yagulidwa. Yatsala imodzi. Apa ife timaibisa m'katalogu, ngakhale kuti ilipo. Anthu ena amadabwa nazo, amati mukubisa bwanji katundu woti agulidwe. Chifukwa chake ndi bambo wa ku Mulanje uja. Chinthu chotsala chimodzi chikhoza kugulidwa ndi wodutsa pamsewu munthu wakutali ali m'minibasi. Batire yomalizayo idzagulidwa pakauntala, kapena ndi munthu amene waimba foni n'kulipira. Pa tinthu totchipa toyenda msanga malire amakhala apamwamba: mababu timawabisa akatsala asanu. Mwini sitolo alembe malire amenewa pambali pa nambala ya katundu aliyense, wophunzira asamaganizire yekha.

Ndipo timabisa, sitifufuta. Mu katalogu muli mwayi wa `Hide`, womwe umachotsa chinthu pamaso pa makasitomala koma zithunzi ndi mawu ake n'kukhalabe. Katundu akafika, mumangochionetsanso. Wofufuta amayambanso kujambula ndi kulemba, ndipo polemba kachiwiri ndi pomwe 100Ah imasanduka 10Ah.

Mtengo uli ndi nyumba zambiri

Amene anali pa malonda mu Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira momwe mitengo yooda inkasinthira katundu ali m'njira. Katundu wa sola pafupifupi yense ndi wochokera kunja, ndiye mitengo yake sikhazikika nthawi yaitali. Kusintha mtengo pakapepala ka pashelefu n'kosavuta. Vuto ndi malo ena onse komwe mtengo wakale unagona.

Tinene kuti batire ija tinkaigulitsa K300,000, ndipo zatsopano zafika zoti tizigulitsa K360,000. Wophunzira wasintha m'katalogu, wakhutira. Koma K300,000 ikadali pa positi ya Facebook ya mwezi watha. Ikadali pa yankho lokonzeratu mu `Quick replies`, lomwe limatumizidwa munthu akafunsa za mabatire. Ikadali pa chithunzi chomwe tinachilemba mtengo ndi zilembo zofiira, chomwe chili m'foni ndipo mawa wina adzachiikanso pa sitetasi. Malo anayi, iye wakonza amodzi. Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha K300,000, mwatsala ndi zosankha ziwiri zowawa: kutaya K60,000 kapena kutaya munthuyo. Ndipo nkhaniyi si ya ulemu wokha, chifukwa kulengeza malonda mosocheretsa ogula ndi chimodzi mwa zinthu zomwe anthu amakadandaula ku bungwe la CFTC.

Kumbuyo kwa pepala la tsiku ndi tsiku tinalemba malo onse omwe mtengo umakhala, ndipo posintha mtengo wophunzira amatchula malo alionse amene wakonza. Tinasiyanso kulemba mtengo pa chithunzi. Mawu a pansi pa positi mukhoza kuwasintha, koma chithunzi chikangoyenda m'magulu a WhatsApp simungachiitanenso. Pomwe pafunikadi mtengo pa chithunzi, monga pa sitetasi, timalembapo ndi deti.

Pa mitengo pali malire amene ndimawanena tsiku loyamba ndipo sindiwafewetsa. Wophunzira sasintha mtengo chifukwa wamva ndikunena pa foni, kapena chifukwa mnzake wa pakauntala wamuuza. Mtengo umasintha ukalembedwa m'buku la mitengo ndi kusainidwa. Izi zimamuteteza iyeyo kuposa ine, chifukwa tsiku lomwe padzakhale mkangano adzatsegula buku n'kuloza. Akamalemba, awerenge mtengowo mokweza, n'kuwerenga maziro ndi chala. K36,000 ndi K360,000 zimasiyana ndi ziro mmodzi, ndipo pa foni ya galasi losweka ziro ameneyo saoneka.

Malire ena ndi achidule. Sasintha nambala yolipirira. Sapereka kwa wina aliyense manambala asanu ndi limodzi omwe WhatsApp imatumiza pa uthenga, ngakhale wopemphayo atanena kuti ndi wa kukampani ya foni, chifukwa ndi mmene akuba amalandira akaunti ya sitolo. Ngati agwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, ilumikizidwe kudzera pa `Linked devices`, kuti tsiku lomwe adzasiye ntchito mudzangoichotsa.

Chithunzi ndi mawu

Pa katundu 20 wa tsikulo, wophunzira afunse funso limodzi pa chilichonse: munthu amene sanafikepo pano, akaona izi, adzalandira chomwe akuyembekezera? Nthawi zambiri cholakwika chimakhala chakuti woodetsa wasintha mtundu. Tinkagulitsa inveta yabuluu, tsopano ikubwera yakuda ya kampani ina, mawati omwewo, koma chithunzi chikadali chabuluu. Kwa ife ndi chinthu chimodzi. Kwa wogula amene watuma mwana ndi chithunzi, tamupusitsa.

Zithunzi zikhale za katundu wathu weniweni, osati zotola pa intaneti. Pa katundu wa magetsi timafuna zitatu: kutsogolo, kachikwangwani ka manambala kowerengeka bwino, ndi chinthucho chili pafupi ndi dzanja kapena njerwa kuti kukula kwake kudziwike. Dzina liyambe ndi chomwe chinthucho chili, kenako kukula: "Batire ya jelo 12V 100Ah". Mawu ngati "yamphamvu zedi" sathandiza munthu amene akufuna kudziwa ngati iyatsa wailesi yakanema usiku wonse.

Mzere wachisanu ndi chimodzi umadyetsa wachisanu. Anthu atatu akafunsa m'sabata imodzi kuti "ili ndi waranti?", ndiye kuti mawu ofotokoza akusowa chiganizo chimenecho. Anthu akayamba kufunsa kuti "mtengo wake ndi womwewu?", ndiye kuti anapsapo kale ndi mitengo yathu yakale. Mafunso obwerezabwereza ndi njira yotchipa yodziwira pomwe katalogu ikudwala, ndipo wophunzira amene wazolowera kuwalemba amayamba kukonza zinthu musanamuuze.

Sabata ziwiri

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu, inu mugwire ntchitoyo iye akuwerenga pepala mokweza, mzere ndi mzere, ndipo muzinena chifukwa cha chilichonse chomwe mukuchita. Kuyambira lachinayi mpaka Loweruka, agwire iye inu mukuona. Apa chovuta ndi kugwira dzanja lanu. Mukamuona akulakwitsa, mtima umafuna kulanda foni. Musiyeni afike pa mzere wachisanu ndi chiwiri, atsegule katalogu pa foni ina, aone ngati alipeza yekha vutolo. Mzere umenewu ndi wofunika chifukwa zomwe mwasintha sizioneka nthawi zonse pompopompo. Netiweki ikhoza kuduka musanasunge, bandulo ikhoza kutha, ndipo WhatsApp imayamba yaunika katundu watsopano kapena wosinthidwa asanaonekere kwa anthu. Foni ya sitolo ikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino pomwe kasitomala akuona zina.

Sabata yachiwiri agwire yekha. Inu muzingotenga pepala lake masana, musankhe zinthu zisanu mwachisawawa, mupite nazo pashelefu ndi pa foni. Zimatenga mphindi khumi. Mukapeza cholakwika, mufunse kuti chinadutsa pa mzere uti. Kawirikawiri mudzapeza kuti pepala ndilo linali ndi bowo. Ifeyo mzere wa katundu wobwezedwa tinauwonjezera wophunzira atawerengera inveta yakufa pamodzi ndi zamoyo, ndipo panalibe pomwe tinamulembera kuti asatero.

Pali zizindikiro zomwe zimaonetsa kuti pepala layamba kudzazidwa pampando. Manambala a m'pepala amafanana ndendende ndi a m'buku masiku onse, pomwe m'sitolo yeniyeni pamakhala kusiyana kamodzi kapena kawiri pa sabata. Mawu oti "palibe" amadzaza masiku atatu otsatizana pomwe malisiti akuonetsa kuti katundu wayenda. Nthawi yomaliza imatsika kuchoka pa ola kufika pa mphindi khumi.

Chakumapeto kwa sabata yachiwiri ndimachita mayeso, ndipo ndimamuuziratu kuti adzachitika, kungoti sindinena tsiku. Madzulo ndimachotsa matcharja atatu pashelefu n'kuwaika m'dirowa, kenako ndimalemba mtengo watsopano wa chinthu chimodzi m'buku n'kusaina. M'mawa mwake ndimadikira. Mtsikana wathu anabwera patangotha mphindi 25, buku lili m'manja. "Bwana, matcharja akuperewera atatu ndipo m'malisiti mulibe. Komanso mtengo wa waya ndausintha m'katalogu ndi pa Facebook, koma pa sitetasi ya dzulo pakadali wakale. Ndiichotse?" Ndinatsegula dirowa n'kumuonetsa matcharja aja, ndipo sitetasiyo anaichotsa. Lolemba lotsatira ndinayamba kuyang'ana pepala lake kawiri pa sabata m'malo mwa tsiku lililonse.